Funsani Khosi Lanu, Osati Wogulitsa

Pali chithunzi china chimene ndimalakalaka chitafufutika m'mafoni a abale anga onse. Chinajambulidwa pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Blantyre, mu Okutobala chaka chatha, cha m'ma 2 koloko masana. Tili atsikana asanu pamzere, tavala nsalu yofanana, tonse tikumwetulira. Anzanga anayiwo akuoneka bwinobwino. Ine ndikuoneka ngati ndabwereka mutu wa munthu wina. Kuyambira pachipumi mpaka pachibwano ndili mbuu ngati ndachokera kuchigayo. Kuyambira pachibwano kutsika m'munsi ndine ndemwe, wakuda monga anandiberekera amayi. Pakati pa awiriwa padutsa mzere wooneka ngati malire a munda.

Tsiku limenelo palibe mnzanga amene anandiuza. Ananditsina khutu ndi azakhali anga, nthawi ya chakudya, zithunzi zitajambulidwa kale. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana iwe, ukudwala kodi? Watuwatu."

Sindinkadwala. Ndinali nditadzola faundeshoni imene ndinagula masiku atatu m'mbuyomo, ndi ndalama imene ikanandigulira ndiwo za sabata yathunthu. Ndinaigula madzulo m'kashopu kena ka m'tauni, kopanda zenera, kowala ndi chubu chimodzi cha magetsi. Mayi wogulitsayo anadontheza pang'ono kuseri kwa dzanja langa, n'kupaka ndi chala, nati, "Asisi, iyi ndiye yanu. Ikuwalitsani bwino." Ndinayang'ana dzanja, ndinaona kuti yalowerera, ndinalipira. Zonsezi sizinatenge ngakhale mphindi zitatu.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa, kuyesa ndi kuonerera anzanga kuhositelo akamaphoda. Maganizo anga tsopano ndi awa: faundeshoni kapena paudala woyenera ndi amene amasowa mukamupaka pansagwada n'kutuluka naye panja masana. Woweruza ndi khosi lanu, ndipo bwalo la mlanduwo ndi kuwala kwa masana. Dzanja, babu la m'shopu, kamera ya foni ndi mawu okoma a wogulitsa, zonsezo ndi mboni zabodza. Ndifotokoza chifukwa chake, komanso mmene ndinagulira ulendo wachiwiri.

Dzanja si nkhope

Kulakwa kwanga koyamba kunali kulola kuti ayesere padzanja. Tonse timatero chifukwa n'kosavuta: dzanja umaliona popanda galasi, ndipo sufunika kupukuta zimene wadzola kunkhope. Koma tayikani dzanja lanu pafupi ndi tsaya mudziyang'ane pagalasi. Kwa ambirife ziwirizi n'zosiyana. Dzanja limachapa, limatsuka mbale, limapsa ndi dzuwa m'njira yakeyake. Kwa ena ndi lakuda kuposa nkhope, kwa ena ndi lowalirapo. Mkati mwa mkono, pamene ogulitsa ena amakonda kuyesera, ndiye ndi poipitsitsa, chifukwa pamenepo dzuwa silifikapo kawirikawiri. Faundeshoni yogwirizana ndi pamenepo imakhala yowala kwambiri ikafika kunkhope.

Nkhope nayonso si ya mtundu umodzi. Yanga ndi yakuda kwambiri pachipumi, pamene dzuwa limayambira kumenya ndikamapita kukalasi. Pakati pa masaya, m'munsi mwa maso, ndi powalirapo. Mozungulira pakamwa padaderanso, ndipo pachibwano pali timawanga timene ziphuphu zinasiya. Nditati ndisankhe potengera pakati pa masaya, ndingagule yowala. Nditatengera pachipumi, ndingagule yakuda kwambiri. Ndiye funso n'lakuti, pa mitundu yonseyi, wolondola ndi uti?

Yankho lili pa zimene munthu wokuonani amaona. Iye saona nkhope yoyandama payokha. Amaona nkhope itakhala pakhosi, ndipo khosilo nthawi zambiri silinapakidwe kanthu. Diso la munthu silidziwa kutchula mtundu likauona pawokha, koma likaona mitundu iwiri itagundana limazindikira msanga kusiyana kwake, ngakhale kutakhala kochepa. Malo amene nkhope yophodedwa imagundana ndi khungu losaphodedwa ndi pansagwada, kuchokera m'munsi mwa khutu kukafika pachibwano. Bodza likakhalapo limaonekera pamenepo. Choncho mayeso ayenera kuchitikira pomwepo.

Kuwala kwa m'shopu kumanama

Kulakwa kwachiwiri kunali kukhulupirira chubu cha magetsi chija. Mtundu umene timaona pa chinthu chilichonse umadalira kuwala kumene kwagwera pa chinthucho. Kuwala kwa masana kuli ndi mitundu yonse mosakondera kwenikweni. Mababu athu sali choncho. Babu lachikasu lija limapaka chikasu pa chilichonse, moti khungu ndi faundeshoni zimaoneka ngati zapachibale ngakhale zisali. Machubu ndi mababu oyera otchipa amakokera kobiriwira, ndipo amazimitsa kufiira kumene kuli m'khungu lakuda. Zinthu ziwiri zikhoza kuoneka zofanana ndendende pansi pa babu, n'kusiyana kutalitali mukazitulutsa panja. Aliyense amene anagulapo ulusi wosokera usiku, n'kupeza m'mawa kuti sukugwirizana ndi nsalu, akudziwa zimene ndikunena.

Komabe si kuwala kulikonse kwa panja kumene kungakuthandizeni. Mukaima padzuwa lenileni la masana, maso amatsinzina, thukuta limayamba, nkhope imanyezimira, ndipo chibwano chimaponya mthunzi wakuda pakhosi. Pamenepo simuona kanthu. Malo abwino ndi pamthunzi wowala: pakhonde, pakhomo la shopu, kapena pazenera lalikulu, nkhope italoza kunja. Pewani kuima pafupi ndi khoma lopakidwa utoto wowala kwambiri, chifukwa khomalo limabweza mtundu wake pakhungu lanu. Bulauzi yofiira kapena yachikasu imachitanso chimodzimodzi pansi pa chibwano. Nthawi yabwino ndi kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Dzuwa likapendeka kuwala kumafiira, ndipo tonse timaoneka okongola kuposa mmene tilili.

Foni nayo musaidalire. Kamera ya foni imadzisankhira yokha kuwala ndi mtundu wa chithunzi, ndipo mafoni ambiri amasalaza ndi kuwalitsa nkhope musanawapemphe n'komwe. Ine nditaphoda m'mawa wa chinkhoswe uja ndinadzijambula m'chipinda, ndipo chithunzicho chinali chokongola zedi. Chimenecho ndi chimene chinandilimbitsa mtima kuti ndituluke.

M'botolomo muli chiyani

Kuti mumvetse zimene mukaone pagalasi, ndi bwino kudziwa pang'ono mmene mtundu wa faundeshoni umapangidwira. Pafupifupi zonse zimasakanizidwa kuchokera ku maufa anayi: woyera, wachikasu, wofiira ndi wakuda. Woyerawo kawirikawiri ndi titaniyamu dayokisaidi, ndipo atatu enawo ndi mitundu ya ayironi okisaidi. Kuchuluka kwa ufa uliwonse ndi kumene kumasiyanitsa botolo lina ndi linzake.

Pamenepa pakutuluka mafunso awiri osiyana, amene ambirife timawaphatikiza kukhala limodzi. Loyamba ndi lakuti, kodi faundeshoniyi ndi yakuda kapena yowala motani? Lachiwiri ndi lakuti, kodi ikupendekera kuti, kuchikasu kapena kofiira? Kupendekera kumeneku ndi kumene odziwa zophodaphoda amati andathoni. Atsikana awiri akhoza kukhala akuda mofanana, koma wina khungu lake n'kumaoneka ngati muli golide mkati, winayo ngati muli kufiira. Botolo limodzi silingawakwanire onse awiri. Makampani ena amalemba zimenezi pabotolo. Mwachitsanzo a MAC amalemba NC pa zopendekera kuchikasu ndi NW pa zopendekera kofiira, moti NC45 ndi NW45 si mtundu umodzi ngakhale nambala ili yofanana. Ndipo nambala ya kampani ina ilibe chochita ndi nambala ya kampani inzake.

Zizindikiro za kulakwa n'zosavuta kuwerenga mukazidziwa. Mukatuwa mbuu ngati mmene ndinachitira ine, ndiye kuti ufa woyera wachuluka, faundeshoniyo ndi yowala kuposa inu. Nkhope ikaoneka ngati dothi la katondo pamene khosi silili choncho, kufiira kwachuluka. Ikaoneka yachikasu ngati ya munthu wodwala, chikasu chachuluka. Ikaoneka yothimbirira ngati simunasambe, ndiye kuti yada kupitirira.

Mudzamva ena akunena kuti muyang'ane mtundu wa mitsempha ya pamkono kuti mudziwe andathoni yanu. Malangizo amenewo anapangidwira anthu a khungu loyera. Pamkono panga mitsempha sioneka n'komwe. Kwa ife njira yodalirika ndi kupaka pakhungu n'kuona.

Ulendo wachiwiri

Mu Epulo ndinaganiza zoyesanso. Ndinapita Loweruka m'mawa cha m'ma 10 koloko, nkhope nditangosamba n'kudzola mafuta amene ndimadzola masiku onse, opanda paudala. Mafutawo ndi ofunika, chifukwa faundeshoni imakhala mosiyana pakhungu louma ndi pakhungu lodzola, ndipo muyenera kuiyesa mmene muzikaigwiritsira ntchito. M'chikwama ndinatenga kagalasi, thonje loyera ndi tishu. Ndinatenganso mnzanga wa m'chipinda mwathu, amene sadziwa kunyengerera munthu.

Shopu imene ndinalowa inali ndi mabotolo oyesera. Ndinasankha atatu oyandikana: limene ndinkaganiza kuti ndi langa, lina lowalirapo pang'ono, ndi lina loderapo pang'ono. Atatu ndi okwanira. Mukapaka asanu kapena asanu ndi limodzi, maso amasokonezeka ndipo mumaiwala kuti mzere uti wachokera m'botolo liti. Botolo lililonse ndinadontheza pathonje lakelake, osati kupisa chala, chifukwa mabotolo oyesera amagwiridwa ndi anthu ambiri. Pa chifukwa chomwecho sindinayandikize pamilomo, m'maso kapena pachiphuphu chotumbuka.

Ndinajambula mizere itatu yoimirira, uliwonse wautali ngati chala, kuchokera m'munsi mwa tsaya, kudutsa pafupa la nsagwada, kutsikira pakhosi pang'ono. Pakati pa mizereyo ndinasiya mpata wa chala chimodzi kuti khungu langa lenileni lizioneka. Mzere uliwonse ndinausisita pang'ono kuti upyapyale monga ndingadzolere tsiku wamba. Izi n'zofunika: chidontho chokhuthala chimaoneka mosiyana ndi faundeshoni yopakidwa mopyapyala, ndipo palibe amene amayenda ndi chidontho kumaso.

Kenako ndinati kwa wogulitsa, "Amayi, ndituluke kaye pang'ono, ndibweranso." Anandiyang'ana mokayika, koma panalibe chawo chimene ndinanyamula. Mabotolo anatsala pashelefu, mizere inali pankhope panga. Anthu ambiri amachita manyazi pamenepa, ngati kuti kutuluka usanagule n'kulakwira mwini shopu. Si kulakwa. Nsapato timayesa n'kuyenda nazo masitepe angapo, nanga chopaka kumaso tichigulirenji mwamwayi?

Tinakakhala pakhonde kwa mphindi 15. Kudikiraku kuli ndi chifukwa chake. Faundeshoni yamadzi ikamauma, n'kusakanikirana ndi mafuta a pakhungu, mtundu wake umasintha. Nthawi zambiri imaderapo, ndipo ina imafiirirapo. Mtundu umene mumauona mutangopaka si umene mudzayende nawo tsiku lonse. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi itakwana ndinagwira kagalasi motambasula mkono, osati pafupi ndi mphuno, chifukwa anthu sationera pafupi choncho. Ndinatembenuza mutu uku ndi uku, ndinakwezanso chibwano pang'ono kuti mthunzi uchoke pakhosi. Mzere woyamba, wowalirapo uja, unali utatuwa ngati phulusa, wooneka ngakhale uli patali. M'shopu muja mzere umenewu ndi umene unkaoneka wokongola kuposa yonse. Mzere wapakati, umene ndinkati ndi wanga, unali wakuda mofanana ndi khosi langa, koma unali utafiira ngati njerwa yowotcha. Wachitatu unali wakuda pang'ono kuposa khosi, koma kupendekera kwake kunali kwanga ndendende. Mnzanga uja anaima masitepe atatu kuchokera pamene ndinali, nati, "Aise, ndikuona mizere iwiri yokha. Wachitatu uli pati?" Mlandu unathera pomwepo.

Ndinagula lachitatulo. Kufiira kolakwika n'kovuta kukukonza, koma kuda pang'ono n'kosavuta. Nditafika kuchipinda ndinatulutsa botolo lija la pachinkhoswe, limene ndinali nditaliponya pansi pa sutikesi. Ndinasakaniza padzanja madontho atatu a latsopano ndi dontho limodzi la lakale, n'kuyesanso pansagwada pazenera. Zinasowa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene khungu langa limawalirapo, ndimasakaniza choncho. Dzuwa la Okutobala likandiwamba ndimadzola latsopanolo palokha. Dzanja lili ndi ntchito ndithu: ndi mbale yosakanizirapo, osati woweruza.

Nanga paudala?

Ambiri mwa anzanga sadzola faundeshoni, amangopaka paudala kuti nkhope isanyezimire. Lamulo ndi lomweli, kungoti pali zowonjezera ziwiri. Choyamba, paudala amaoneka mwina m'kabokosi, mwinanso pakhungu, choncho kuyandikiza kabokosi kutsaya sikukuuzani zambiri. Mupakeni pansagwada, pamwamba pa zimene mumadzola masiku onse, kaya ndi mafuta okha kaya ndi faundeshoni. Ngati mumadzola mafuta ambiri monga vaselini, paudala amamwa mafutawo n'kuda, nthawi zina mwa mawangamawanga. Dikirani mphindi zomwe zija musanaweruze.

Chachiwiri ndi cha paudala woyera amene amati alibe mtundu ndipo amagwirizana ndi khungu lililonse. Pakhungu lakuda mawu amenewo ndi oona pokhapokha mutapaka pang'ono kwambiri. Ambiri mwa mapaudala otere ali ndi silika, amene amabweza kuwala kwa fulashi ya kamera. Ndi maso mumaoneka bwino, koma pachithunzi cha usiku m'munsi mwa maso mumatuluka zigamba zoyera. Faundeshoni zina zokhala ndi zoteteza kudzuwa zochuluka zimachitanso zofananako. Apa pokha ndi pamene foni ili ndi ntchito: mukaphoda, lowani m'chipinda chamdima, mnzanu akujambuleni ndi fulashi. Mukatuluka mbee, chepetsani paudalayo kapena pezani wa mtundu wa khungu lanu. Za paudala wa ana, amene ambirife tinayambira, sindinena zambiri. Ndi woyera, ndipo pankhope yakuda amaoneka woyera basi.

Zimene anzanga amanditsutsa

Ndikamalankhula zimenezi kuhositelo sindisowa onditsutsa, ndipo zina mwa mfundo zawo n'zomveka.

Wina anati, "Ine ndimaphoda ndikamapita kokasangalala usiku. Dzuwa likundikhudza pati?" Yankho langa n'lakuti kuwala kwa masana ndiye mayeso ovuta kuposa onse. Mtundu umene wakhoza pamenepo umakhozanso pansi pa mababu ambiri, pamene umene wakhoza pansi pa babu limodzi ukhoza kulephera pansi pa babu lina. Komanso tisadzinamize: maukwati athu, zinkhoswe, mapemphero, tsiku lolandira digiri, zonsezi zimachitika masana, ndipo zithunzi zimajambulidwa panja.

Wina anati, "Mashopu ambiri alibe mabotolo oyesera, zonse n'zomata." Izi n'zoona, ndipo kumsika ndiye kulibiretu. Kuyandikiza botolo kunsagwada mutaima pakhomo kumathandiza kuchotsa zolakwika kwambiri, koma galasi la botolo limanamiza, ndipo simudziwa mmene idzaumire. Njira yabwino ndi kuyesa musanapite kogula. Hositelo ya atsikana ndi shopu yoyesera yaikulu kuposa ina iliyonse: pemphani kadontho kwa anzanu atatu a khungu loyandikana ndi lanu, jambulani mizere ija, lembani dzina ndi nambala ya imene yasowa. Pogula tengani kabotolo kakang'ono ngati kalipo. Dziwaninso kuti pamsika pali zachinyengo zambiri, moti nambala yomweyo ikhoza kutuluka mtundu wina. Mukafika kunyumba yesaninso pazenera tsiku la mwambo lisanafike, osati m'mawa wake ngati ine.

Funso lovuta kwambiri linachokera kwa mnzanga amene khosi lake ndi lakuda kwambiri kuposa nkhope. Anati, "Ndiye ndidetse nkhope yanga dala?" Pamenepa lamulo langa lili ndi malire, ndivomereze. Kusiyana kukakhala kwakukulu, palibe botolo limodzi lingasowe mbali zonse ziwiri. Chimene chimathandiza ndi kusankha mtundu wa pakati koma wopendekera kukhosi, kupaka mopyapyala, ndi kusisita kutsikira m'munsi mwa nsagwada kuti pasakhale mzere. Ngati mwavala chovala chotsegula pamtima, yang'ananinso khungu la pachifuwa, chifukwa ndi lalikulu ndipo diso limayerekeza nkhope ndi pamenepo. Kwa amene khosi ndi lowala kuposa nkhope, njira ndi yomweyi motembenuza. Ndiwonjezere kamodzi kuti khosi likada posachedwa, makamaka kumbuyo, khungu lake n'kukhuthala ngati veleveti, imeneyo si nkhani ya faundeshoni. Nthawi zina chimakhala chizindikiro chokhudzana ndi shuga m'thupi, ndipo ndi bwino kukaonetsa kuchipatala.

"Ikuwalitsani"

Ndasunga kumapeto mfundo imene imandivutitsa kwambiri, chifukwa ikukhudza ine mwini. N'kosavuta kuloza chala chubu cha magetsi ndi mayi wogulitsa uja. Koma ndikakumbukira bwino, pashelefu paja panali botolo lina lakuda kuposa limene ndinagula, ndipo ndinaliona. Sindinapemphe kuliyesa. Mayi uja atanena kuti "ikuwalitsani", mumtima mwanga munakoma. Iye sanandinamize. Anandiuza zoona zenizeni za chimene botololo lidzachite, ndipo anadziwa kuti mawu amenewo amagulitsa katundu.

Taonani mmene timalankhulira. Munthu akachira, akapeza ntchito, akakhala pabwino, timati wawala. Mwana akabadwa, ena amathamangira kuyang'ana makutu kuti aone ngati adzade. Tinakula tikumva "ndi wakuda koma ndi wokongola", ndipo kamawu kakuti "koma" kameneko kanakhazikika mwa ife. Ndiye tikaima pashelefu, dzanja limapita lokha ku botolo lowalirapo, ndipo timadziuza kuti ndi lomwe latikwana. Ndaonerera anzanga ambiri akusankha, ndipo wolakwira kumbali yakuda ndi wosowa. Pafupifupi tonse timalakwira mbali imodzi. Kulakwa kongochitika mwangozi sikukhala ndi mbali.

Opanga zinthuzi nawo ali ndi gawo lawo. Kwa zaka zambiri makampani akuluakulu ankapanga mitundu yambirimbiri ya khungu loyera, n'kuponyapo iwiri kapena itatu ya khungu lakuda kumapeto kwa mzere. Pamene woimba Rihanna anatulutsa faundeshoni ya Fenty Beauty mu 2017 ili ndi mitundu 40, inakhala nkhani yaikulu padziko lonse, ndipo makampani ena anayamba kuwonjezera mitundu yawo. Kungoti zimene zinasintha kunjako sizinafike mokwanira pamashelefu athu. M'kashopu kamene ndinagula koyamba munali mitundu isanu yokha, m'dziko limene pafupifupi aliyense wolowa pakhomopo ndi wakuda, ndipo itatu mwa isanuyo inali yowala kuposa aliyense amene ndinakumana naye mumsewu tsiku limenelo. Wogulitsa amaoda zimene zimayenda malonda. Tikamapitiriza kugula zotiwalitsa, adzapitiriza kubweretsa zomwezo. Tikamatuluka panja, n'kubwerera kudzanena kuti "Amayi, zonsezi zandituwitsa, mulibe yoderapo?", tsiku lina adzaoda.

Wina anganene kuti nkhope ndi yake, ndipo ngati akufuna kuoneka wowalirapo ndi ufulu wake. Sindikukana. Sindine wapolisi wa nkhope za anthu, ndipo kuphoda ndi masewera amene munthu ayenera kusangalala nawo. Milomo ipakeni yofiira, zikope zipakeni zagolide, palibe amene angaganize kuti munabadwa choncho, ndipo si cholinga chake. Koma faundeshoni ndi yosiyana ndi zinazo. Ntchito yake ndi kunamizira kukhala khungu lanu. Ikasiyana ndi khosi, yalephera ntchito yomwe munaigulira. Siikupatsani khungu lowala, imakupatsani nkhope yotuwa pakhosi lakuda, ndipo aliyense amaona kupatula inu. Ngati mukufuna kuti nkhope ioneke yamoyo, pali njira yake: faundeshoni yogwirizana ndi khosi pankhope yonse, kenako kakonsila kowalirapo pang'ono m'munsi mwa maso ndi pakati pa chipumi pokha. Kuwala kumakhala pakati, m'mphepete mumagwirizana ndi khosi, ndipo mzere uja sukhalapo.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona azakhali anga aja nditadzola madontho anga atatu ndi limodzi. Tinakhala pakhonde masana onse tikusola mtedza. Anandifunsa za sukulu, za mayeso, za mnyamata amene amamva mphekesera zake. Za nkhope yanga sananene kanthu. Pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundigwira tsaya, nati, "Koma ndiye sukulu ikukukonda, khungu lasalala. Wasiya zopakapaka zija eti?"

Ndinangoti, "Eya, azakhali."